Mamita 23 amene ahedi sanawamvere

Sabata ino yathera pa mtengo umodzi wa bulugamu, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale pansi. Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale yoyendera ya kumudzi, Fomu 2 ndi Fomu 3. Zina zonse zinali monga mukuzidziwira anzanga: kuchonga makope oposa 80 a kalasi imodzi, choko chotha Lachiwiri, msonkhano wa aphunzitsi wokamba za ndalama ya tiyi. Zimenezo ndizisiye.

Kuseri kwa buloko ya Fomu 2 kunali bulugamu wamkulu yemwe mizu yake inayamba kung'amba maziko. Komiti ya makolo inagwirizana kuti adulidwe mvula isanagwe, matabwa ake apangire madesiki. Ine ndinakondwa, chifukwa Fomu 2 inali itangofika pa mutu wa mathirayango ofanana maonekedwe, ndipo ndinati ana auyeze mtengowo usanagwe.

Lolemba tinalephera. Piriyodi yanga inali itadutsa 11 koloko, ndipo kumapeto kwa Okutobala kuno dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Mthunzi wa ndodo unali kachidutswa kosakwana chikhatho, pamene wa mtengo unangounjikana patsinde ngati mphasa yozungulira. Mthunzi wotero ndi wa nthambi za m'mbali, wa nsonga umabisika m'kati mwake. Ndiponso mthunzi wa ndodo ukakhala masentimita 10 okha, kuphonya ndi sentimita imodzi kumasuntha yankho ndi mamita oposa awiri pa mtengo ngati umenewu. Ndinawabweza ana m'kalasi, n'kupempha mnzanga wa Chichewa kuti tisinthane piriyodi ya Lachitatu m'mawa.

Tepi yoyezera ya sukulu inabwerekedwa chaka chatha ndi amene ankamanga nyumba ya mphunzitsi, ndipo palibe amene akudziwa kumene ili. Ndakhala ndikuipempha matemu atatu. Choncho Lachiwiri madzulo ndinatenga chingwe cha nayiloni, n'kumamanga mfundo pa mita iliyonse poyezera rula ya pabolodi, chingwecho chili chokoka bwino chifukwa nayiloni imatamuka. Ndinadulanso nsungwi yowongoka.

Lachitatu cha m'ma 9 koloko mthunzi unagwera kumadzulo, pabwalo la mpira, pamalo osalala bwino. Nsungwi tinaizika kuti yotsala pamwamba pa nthaka ikhale masentimita 150 ndendende. Mtsikana wina anamangirira mwala ku ulusi n'kuulendeweretsa m'mbali mwa nsungwiyo kuti tione ngati yaima chilili, pakuti ndodo yopendekera dzuwa imafupikitsa mthunzi wake ndipo mtengo umatuluka wautali kuposa mmene ulili. Ndinagawa ana pawiri, ena pa ndodo, ena pansonga ya mthunzi wa mtengo, ndipo nditaimba wezulo onse anakhoma zikhomo nthawi imodzi. Kuyeza kunabwera pambuyo. Mthunzi suyembekeza munthu: mukayeza wa ndodo tsopano, wa mtengo patapita mphindi 20, ndiye kuti mwayeza madzuwa awiri osiyana.

Mnyamata wina wa kumbuyo anafunsa funso limene ndinkalilakalaka. "Aphunzitsi, kandodo aka kakudziwa bwanji za mtengo uwo?" Ndinajambula pansi ndi chala. Ndodo, mthunzi wake, ndi mzere wochoka pansonga ya ndodo kufika pansonga ya mthunzi zikupanga thirayango. Mtengo ndi mthunzi wake zikupanganso ina yaikulu. Zonse ziwiri zili ndi ngodya ya madigiri 90 pamene zakhudza nthaka. Dzuwa lili kutali kwambiri moti kuwala kwake kukufika pa ndodo ndi pa mtengo mopendekera chimodzimodzi, choncho ngodya ya kunsonga ya mthunzi ndi yofanananso. Ngodya ziwiri zikafanana, yachitatu ilibe kothawira. Thirayango yaikuluyo ndi yaing'ono yomweyo yongokulitsidwa, ndipo nambala imene mungachulukitse nayo mthunzi wa ndodo kuti mupeze kutalika kwa ndodoyo ndi yomweyonso yochulukitsa nayo mthunzi wa mtengo kuti mupeze kutalika kwa mtengowo.

Mthunzi wa ndodo unali masentimita 120. Wa mtengo unali mamita 18 kuchokera pakhungwa, koma nsonga ili pamwamba pa pakati pa thunthu, osati pakhungwa. Thunthulo linali masentimita 80 m'mimba mwake, ndiye tinaonjezera theka lake, kukhala mamita 18.4. Kenako 150 ÷ 120 = 1.25, ndipo 18.4 × 1.25 = 23. Mamita 23. Masana ake cha m'ma hafu 2, pamene mthunzi wa ndodo unalingana ndi ndodoyo, tinayezanso. Nthawi imeneyo sipafunika kuchulukitsa, mthunzi ndiwo kutalika kwa mtengo. Tinapeza mamita 22 ndi pang'ono, ndipo sindinadabwe, chifukwa kum'mawako nthaka imakwera ndipo mthunzi wogwera pachitunda umafupika.

Ana omwewo ndi amene anaona vuto. Odula mitengo anali atanena kuti augwetsera kumpoto, kumene kuli chimbudzi cha atsikana, poopa kukumba bwalo la mpira. Tinakoka chingwe kuchokera patsinde kufika pakhoma la chimbudzicho: mamita 19. Ngakhale mutachotsapo theka la mita la chitsa, nsonga inali yopitirirabe ndi mamita oposa atatu.

Ndinapita ku ofesi ndi pepala lake. "Ahedi, mtengowu ukagwera kumpoto uphwanya chimbudzi. Augwetsere kubwalo, kapena ayambe asadza nsonga." Iwo anayang'ana pepalalo pang'ono chabe. "Aphunzitsi, madala aja adula mitengo zaka zambiri. Akuti sukupitirira mamita 15. Kusadza akufuna ndalama ina, ndipo Loweruka kuli mpira." Ndinawauza kuti diso limanama munthu akaima patsinde n'kuyang'ana kumwamba, chifukwa chigawo cha kumtunda chimaoneka chofupika. Ndinatinso njira yathu ikhoza kuphonya ndi mita imodzi, koma osati mamita 8. Anati ndisiye zoyesera za ana zikhale za m'kalasi. Mawu amenewo ndi amene akundiwawa kuposa onse. Mutu umenewu uli m'silabasi, timaulembetsa mayeso, timalepheretsa nawo ana, koma tsiku limene wafunika pa sukulu pomwepo ukutchedwa zoyesera.

Lachisanu pa buleki makina analira. Chimene ndinakwanitsa ndi kupempha mayi wina mphunzitsi kuti atulutse atsikana onse kuchimbudziko ndi kuimika mapulifekiti awiri panjira. Munali atsikana atatu. Mtengo unagwa momwe odulawo anafunira, molunjika kumpoto, ndipo nsonga yake inamenya denga. Malata asanu anapindika, phaso linathyoka, khoma la zipinda ziwiri linagumuka. Atsikana atatu aja anali ataima pafupi nane, wina atagwira pakamwa. Manja anga ananjenjemera mpaka piriyodi yotsatira inatha.

Fumbi litatsika, ana a Fomu 2 anathamangira chingwe chathu popanda wowatuma. Anayeza thunthu lili gone kuchokera podulidwa kufika kunsonga yothyokayo, n'kuonjezera chitsa. Anapeza mamita 22.7. Mtsikana wa mwala uja anabwera nacho chiwerengerocho atachilemba padzanja, akuti, "Aphunzitsi, tinaphonya ndi masentimita 30 okha."

Tsopano atsikana oposa 200 akugawana zipinda ziwiri zotsala, ndipo ndamva kuti matabwa ena agulitsidwa kuti agule malata ndi simenti, kotero madesiki achepa. Ahedi sananene chilichonse kwa ine. Lolemba ndikukalembanso kalata yopempha tepi, ndipo pali mabulugamu ena awiri pafupi ndi nyumba za aphunzitsi amene komiti ikufuna kudula mwezi wamawa. Fomu 2 yapempha kale kuti iwayeze Lachitatu m'mawa.