Kalata Imene Ndinalembera Amayi

Mayi anga amakhala ku Lunzu, ife timakhala ku Chilomoni, koma kwa zaka zingapo mkazi wanga Nabanda ankamva ngati tikukhala nawo nyumba imodzi. Mwezi uliwonse ukamatha ankamuimbira foni ndi kumufunsa ngati thupi likuyenda bwino, ndipo akabwera kudzationa ankasiya timizu tomangidwa m'kansanza pansi pa thumba la ufa, n'kumulangiza kuti azitithira m'phala. Tsiku lina pa ukwati wa msuweni wanga ananyamula khanda la eni ake, n'kunena mokweza kuti manja awo akukalamba osanyamulapo mdzukulu wochokera kwa mwana wawo woyamba. Nabanda analira usiku wonse, ndipo m'mawa anandiuza kuti ngati sindilankhula ndi amayi, iye akatula nkhaniyo kwa ankhoswe.

Pa nthawiyo n'kuti titapita kale kuchipatala, chifukwa madokotala amalangiza kuti banja likatha miyezi 12 likukhala malo amodzi popanda kulera koma mimba osaoneka, mwamuna ndi mkazi akayezedwe onse awiri. Nabanda anamupeza alibe vuto lililonse. Ine anandipatsa kabotolo, n'kundiuza kuti ndidzisunge kwa masiku osachepera 2 koma osapitirira 7, kenako ndibweretse umuna ku labotale lisanathe ola limodzi, ndiponso kuti kabotoloko kasazizidwe panjira. Ndinakabisa m'thumba la malaya pachifuwa, ndipo minibasi itaima nthawi yaitali kudikira anthu, ndinakalipira kondakitala mwaukali moti anthu anaganiza kuti ndanyamula wodwala. Zotsatira zinasonyeza kuti mbewu zanga zinali 9 miliyoni pa mililita imodzi, pomwe mlingo wotsika umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika m'chaka cha 2021 ndi 16 miliyoni.

Zimenezi sindikanatha kuzinena pafoni, pakuti amayi amayankha foni ataikweza mawu kuti mudzi wonse uzimva. Kuzinena maso ndi maso nakonso kunali kosatheka kwa munthu woleredwa monga ndinaleredwera ine. Choncho ndinagula envulopu ndi kulemba kalata ya masamba awiri, imene mbali yake yaikulu inali yotere:

"Okondedwa Amayi, ndikupempha modzichepetsa kuti muleke kumufunsa mpongozi wanu za mwana, ndiponso muleke kumubweretsera mankhwala, chifukwa iye alibe chifukwa chilichonse. Adokotala akuti pa mabanja amene akuvutika kupeza mphatso, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna, ndipo m'nyumba mwathu muno lapezeka kwa ine. Ndili ndi 9 miliyoni, pomwe pakufunika 16 miliyoni. Akuti ndikayezetsenso pakatha miyezi 3, chifukwa mbewu ya abambo imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, ndipo malungo amene anandigwetsa aja akhoza kukhala kuti ndiwo anaichepetsa. Nkhaniyi ikhale ya inu ndi ine."

Ndinaona kuti mawu akuti umuna sangalembedwe m'kalata yopita kwa mayi wondibereka, n'chifukwa chake manambalawo ndinawasiya ali okhaokha. Kalatayo ndinapatsira mwana wa m'bale wanga wa Sitandade 6 amene ankabwerera ku Lunzu, ndipo ndinamulamula kuti aipereke m'manja mwa agogo ake osati mwa munthu wina aliyense. Mwanayo anamvera bwino lomwe. Chimene palibe anandiuza n'chakuti magalasi a amayi anali atathyoka mwendo sabata yapitayo, ndi kuti tsikulo linali Lachinayi, pamene amayi a Mvano anali atakhala pakhonde pa amayi anga akumwa thobwa pochokera kokaona wodwala. Amayi, ponyadira kuti mwana wawo wa m'tauni akadalembabe makalata, anang'amba envulopu ndi kuuza mdzukuluyo kuti aimirire awerenge mokweza monga amachitira kusukulu.

Anawerenga yonse, mpaka chiganizo chopempha chinsinsi chija, chimene akuti anachibwereza kawiri chifukwa mayi wina wogontha pang'ono sanamve. Gululo linagawikana pomwepo. Ena anamva kuti mwana wa amayi anagwa m'papaya, ndipo anayamba kuwapepesa ngati pagwa maliro. Ena, amene makutu awo anaima pa manambala, anamva kuti ndili ndi K9 miliyoni ndipo achipatala akufuna K16 miliyoni kuti atipatse mwana.

Loweruka m'mamawa ndinamva kugogoda. Pakhomo panali amayi, amalume, tambala wamoyo, ndi jumbo yodzaza gondolosi. Amayi anadutsa ine osandiyang'ana, n'kukagwira Nabanda manja onse awiri, n'kunena kuti: "Mwana wanga, ndinakulakwira, timizu tija ukataye." Mtima wanga unakhala pansi kwa kanthawi, poganiza kuti kalata yagwira ntchito yake, koma amalume anatsokomola n'kundiitanira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi umene timamwa ndi anzathu a lendi.

"Aphiri," anatero amalume, "mamiliyoni mwalembawa ndi a ndalama kapena a chiyani?" Nditawafotokozera monong'ona, anakhala chete, kenako anafunsa mokweza kuti mwana mmodzi amafuna mbewu zingati. Ndinayankha kuti imodzi. "Nanga zinazo zikugwira ntchito yanji?" Ndinayesetsa kuwauza zimene adokotala anandiuza, kuti zambiri zimafera m'njira, kuti amayang'ananso ngati zikuyenda bwino ndi ngati zili zoumbika bwino, ndi kuti kuchepa kwa chiwerengero kumachepetsa mwayi koma sikutseka khomo. Ndinawonjeza kuti nkhaniyi ndi yosiyana ndi kugwa m'papaya, popeza mwamuna akhoza kukhala wamphamvu zake zonse m'nyumba koma mbewu n'kukhala zochepa. Apa mayi woyandikana nafe, amene anali atatsuka mbale imodzi kwa nthawi yonseyi, anatseka mpopi kuti amve bwino.

Amalume anatsitsa mawu pokhapokha pamene anafika pa nkhani imene anabwerera. Anati makolo akale zikatere ankapangana mwakachetechete zolowetsa fisi, ndipo iwo anali ataganizirapo kale mayina awiri. Ndinawauza kuti m'nyumba mwanga simudzalowa fisi wa miyendo iwiri kapena inayi, ndi kuti masiku ano njira imeneyo imabweretsa matenda m'malo mwa mwana. Sanakhumudwe konse. Anangoti anayenera kufunsa monga mwini mbumba, kenako anapempha kuti, popeza za chipatala zikudikira miyezi 3, ndiwabwerekeko K200,000 ya feteleza pa ndalama zija. Ndinawakumbutsa kuti ndangowafotokozera kumene kuti si ndalama, koma iwo anati munthu wosauka satchula mamiliyoni m'kalata.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanamufunsenso Nabanda kanthu, ndipo awiriwa tsopano amacheza pafoni nthawi yaitali, akuseka zinthu zimene amasiya kukamba ndikalowa. Mwezi ukamatha foni imalira ndithu monga kale, koma Nabanda amangondipatsira akumwetulira, n'kunena kuti: "Ndi yanu, akufuna malipoti." Amayi amandifunsa ngati ndasiya mowa, ngati ndikugona m'neti, ndi ngati ndataya makabudula othina aja, zimene anakafunsa okha kwa namwino wopuma pantchito wa mumpingo mwawo. Tsiku lokayezetsanso analilembetsa pa kalendala ya tchalitchi ndi inki yofiira, ndipo anena kale kuti adzandiperekeza, kuti kondakitala akadzachedwetsa minibasi adzalankhule naye ndi iwo.