Ndalama 900 Zomwe Ndinkazifuna pa Asimputoti

Sabata ino ndinalakwa funso limodzi la masamu, ndipo kulakwako kwandiphunzitsa zambiri kuposa mafunso onse amene ndinakhoza. Funsolo linali la kampani yosindikiza timabuku. Asanasindikize kabuku ngakhale kamodzi, amawononga ndalama zokwana 900 pokonza mapuleti ndi kutchera makina. Ndalama zimenezi ndi zokhazikika: kaya asindikiza timabuku 5 kaya 5,000, sizisintha. Kenako kabuku kalikonse kamadya 4, za pepala ndi inki. Choncho akasindikiza timabuku x, ndalama zonse ndi C(x) = 900 + 4x, ndipo mtengo wa avereji wa kabuku kamodzi timaupeza pogawa zonsezo ndi x:

A(x) = (900 + 4x) / x

Iyi ndi fankishoni ya rashonolo, chifukwa pali polinomiyo pamwamba ndi polinomiyo ina pansi. Mbali yoyamba ya funsolo inali kupeza asimputoti yopingasa, mzere wowongoka womwe girafu imayandikira x akamakulirakulira, ndipo sinandivute. Digiri ya pamwamba ndi 1, ya pansi ndi 1, ndiye timagawa makoefishenti a x, 4 ndi 1, n'kupeza y = 4. Lamulo limenelo ndinaliloweza kalekale.

Chinandigwetsa ndi mbali yachiwiri. Ankafunsa kuti, ndalama zokhazikika zikakwera kufika pa 1,800, asimputotiyo ikhala pati? Ine ndinalemba 8 osazengereza. M'mutu mwanga ndinkati ndalama zawirikiza kawiri, ndiye mzere nawo ukwere kawiri. Yankho lolondola linali 4 yomwe ija.

Usiku ndinabwereranso pa funsolo, ndipo m'malo mwa lamulo ndinangolekanitsa fulakishoniyo pawiri:

A(x) = 4 + 900/x

Kalembedwe aka kanaika zonse poyera. Kabuku kalikonse kamasenza zinthu ziwiri. Choyamba ndi 4 yake, ya pepala ndi inki yomwe yapita pa iko kokha, ndipo imeneyi palibe kabuku kena kangakathandize kusenza. Chachiwiri ndi gawo lake la 900, ndipo limeneli timabuku tonse timagawana. Ndinatenga pensulo n'kuyamba kuikamo manambala. Pa timabuku 10, kalikonse kamasenza 90 ya ndalama zokhazikika, mtengo wake n'kukhala 94. Pa timabuku 100 mtengo watsika kufika pa 13. Pa 900 wafika pa 5, ndipo pa 9,000 uli pa 4.1. Gawo logawana lija likungocheperachepera, pomwe 4 ali chiimire.

Ndiye asimputotiyo ndi mtengo womwe umatsala ndalama zokhazikika zikagawidwa kwa timabuku tambirimbiri mpaka gawo la kamodzi kukhala kanthu kochepetsetsa. Kukula kwa ndalama zokhazikikazo asimputoti sikudziwa. Zikhale 900, zikhale 1,800, zikhale 90,000, nambala iliyonse yosasintha ukaigawa ndi x yemwe akungokulirakulira imayandikira ziro basi. Ine ndinkafuna 900 pa mzere womwe umaoneka 900 yo ikachotsedwa.

Nanga pa girafu 900 ali pati? Apa ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa pandisangalatsa kwambiri. Ali mu mpata wa pakati pa mzere wokhota ndi asimputoti. Mpata umenewo ndi A(x) − 4, womwe ndi 900/x. Ukauchulukitsa ndi x, umapeza 900 nthawi zonse. Ndinajambula girafuyo papepala la timabokosi, ndinasankha malo a x = 300 pomwe mtengo ndi 7, n'kujambula rekitango yoyambira pa asimputoti kukwera kufika pa mzere wokhota, m'mbali mwake kuyambira pa ziro kufika pa 300. Msinkhu wake 3, mulitali 300, eriya yake 900. Ndinajambulanso ina pa x = 100: msinkhu 9, mulitali 100, eriya 900 yomweyo. Ina ndi yaitali yowonda, ina ndi yaifupi yotambalala, koma malo omwe zikutenga ndi ofanana. Izi zikutanthauza kuti munthu atandipatsa girafu yokha, yopanda fomyula, ndikhoza kuwerenga asimputoti, kutenga mfundo imodzi pa mzerewo, n'kutulutsa ndalama zokhazikika.

Tsopano yankho la funso lija ndikulimvetsa. Ndalama zokhazikika zikawirikiza, mzere umapitabe ku 4, koma umachedwa kuyandikirako. Poyamba mtengo unkafika pa 5 pa timabuku 900. Tsopano pafunika 1,800. Chomwe ndalama zokhazikika zimalamula ndi kuchuluka kwa timabuku tofunika kuti mtengo utsike kufika pomwe ukufuna.

Mfundoyi imagwira ntchito poika mtengo wogulitsira. Akamagulitsa kabuku pa 6, mpata wa pamwamba pa asimputoti ndi 2, ndiye 900/x iyenera kutsika kufika pa 2, kutanthauza timabuku 450. Akagulitsa topitirira pamenepo, phindu layamba. Koma akaika mtengo pa 4 kapena pansi pake, ngakhale agulitse timabuku tochuluka motani, sadzabweza ndalama zawo. Chifukwa chake n'chakuti 900/x siifika pa ziro, choncho mzerewo umakhala pamwamba pa 4 nthawi zonse. Anthu amakonda kunena kuti ukapanga zambiri mtengo umatsika, ndipo ndi zoona, koma kutsikako kuli ndi polekezera, komanso kumanka kufooka. Kuchoka pa timabuku 100 kufika pa 200 mtengo umatsika ndi 4.5. Kuchoka pa 9,000 kufika pa 18,000 umatsika ndi 0.05 yokha.

Pali asimputoti inanso, yoimirira, pa x = 0, koma imeneyo sindichulukitsapo mawu. Palibe timabuku toti tigawane 900, ndiye avereji ilibe tanthauzo pamenepo.

Chomwe ndikufuna kusamala nacho pa mayeso ndi malire a fomyulayi. Ikuganiza kuti kabuku kalikonse kowonjezera kazidya 4 mpaka kalekale. Ntchito yeniyeni siyenda choncho: makina akagwira ntchito mopitirira amawonongeka pafupipafupi, antchito amafunika kulipidwa ovataimu. Ndinadzipangira funso langa poonjezera kachigawo ka 0.0001x² pa ndalama zonse. Avereji inakhala:

A(x) = 900/x + 4 + 0.0001x

Apa digiri ya pamwamba ndi 2, ya pansi ndi 1, ndiye asimputoti yopingasa palibenso. Yomwe ilipo ndi yopendekeka, y = 4 + 0.0001x, ndipo ikukwera. Mtengo umatsika mpaka pomwe zigawo ziwiri zosinthazo zafanana, 900/x = 0.0001x. Izi zikupereka x² = 9,000,000, choncho x = 3,000. Pamenepo mtengo ndi 0.3 + 4 + 0.3, womwe ndi 4.6. Ukafika pa timabuku 6,000 wakwera kale kufika pa 4.75.

Mu funso lachiwirili ndalama zokhazikika zili ndi mphamvu ina yomwe zinalibe mu loyamba lija: zimasuntha malo a mtengo wotsikitsitsa. Ndinayesa kuzichulukitsa kanayi, kufika pa 3,600. Malowo anasunthira pa x = 6,000, kawiri kokha, chifukwa cha sikweya ruti, ndipo mtengo wotsikitsitsa unakwera kufika pa 5.2. Asimputoti yopendekeka ija sinasunthe.