Letesi wofota amakhala ali ndi ludzu chabe

Loweruka lapitali ndinagula letesi mitu iwiri ndi mpukutu wa sipinachi pamsika wa Bvumbwe. Minibasi inachedwa kudzaza, dzuwa likuswa mtengo, ndiwo zili m'jumbo pamiyendo panga. Pofika kwathu ku Luchenza masamba onse anali lobodo ngati kansanza. Achemwali anga atangoona anati, "Kaponyereni akalulu zimenezo." Ine ndinakana.

Ndinayamba ndi kusankha, chifukwa kufota ndi kuola n'zosiyana. Tsamba lofota limakhala lofewa koma lobiriwira ndiponso silinunkha. Loola limaterera m'manja, limada m'mbali, ndipo limenelo ngakhale mulinyike tsiku lonse silidzuka. Ndinataya anayi otere.

Letesi ndinamusadzula tsamba limodzilimodzi, n'kudula pang'ono kutsinde kumene kunauma kuti madzi apeze polowera. Kenako ndinamiza masambawo m'beseni la madzi a mumtsuko, ozizira bwino aja. Tsamba la letesi pafupifupi lonse ndi madzi, ndiye likamwanso limalimba. Patatha mphindi 20 ndinapinda msana wa tsamba limodzi, n'kuthyoka kuti thyo. Ofota kwambiri anatenga mphindi 40. Mchere musathiremo, ngakhale ena amatero pofuna kupha tizilombo, pakuti mchere umatulutsa madzi m'tsamba ndipo limafoteratu.

Sipinachi wathu uja wamapesi aakulu savuta. Ndinangodula kumapesi n'kumuimika m'jagi ya madzi ngati maluwa, pofika madzulo anali atadzuka.

Pamene ndinkalakwitsa kale ndi posunga. Ndinkatsuka n'kulonga m'jumbo madzi ali chuchuchu, pakapita masiku awiri n'kupeza zaterera. Madzi omwe adzutsa tsamba ndi omwenso amaliwoletsa akatsalira pamwamba pake. Tsono ndinavuula masamba, osati kukhuthula beseni, kuti mchenga utsale pansi. Ndinawaika pakati pa kansalu koyera, n'kugwira ngodya zonse zinayi, n'kutuluka panja kukazunguza mkono kangapo. Ana a aneba anaseka, koma madzi anathothoka. Ndinayanikanso pa lichero pamthunzi mphindi 10.

M'kontena ndinayala kansalu kouma pansi, masamba pamwamba osapanikiza, kansalu kena pamwamba pake, n'kutseka. Kansalu kakanyowa ndimasintha. M'firiji ndimaika m'kabati kam'munsi, chifukwa kumbuyo kwenikweni masamba amaundana, ndipo akasungunuka amangoti phwetete. Nthochi, mapeyala ndi tomato ndimaziika kutali. Zikamapsa zimatulutsa mpweya umene umachititsa letesi madontho ofiirira ndi kusandutsa sipinachi wachikasu, ndipo kuno nthochi sizisowa m'nyumba.

Magetsi akazima sinditsekulatsekula firiji. Achemwali alibe firiji, ndiye amakulunga masamba osatsuka m'nsalu yonyowa pang'ono n'kuika pafupi ndi mtsuko, koma ayenera kudya mawa lake.

Sipinachi tinaphika Lolemba. Letesi womaliza tinadya Lachinayi, akuthyokabe.