Malire a LOD ndi LOQ: zimene ndinaphunzira poyeza afulatokisini mu mtedza

Teremu ino ndinapatsidwa ntchito yotsimikizira njira yatsopano yoyezera afulatokisini B1 mu mtedza ndi makina a HPLC, amene amalekanitsa mankhwala osakanikirana m'madzi kuti aliyense ayezedwe payekha. Poizoni ameneyu amachokera ku chuku, ndipo mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya salola kuti apitirire mamaikulogalamu 2 pa kilogalamu ya mtedza wodyedwa mwachindunji. LOD ndi mlingo wochepetsetsa umene njirayo ingauzindikire kuti ulipo, pamene LOQ ndi mlingo wochepetsetsa umene ingauwerengere molondola. Masamu ake ndi awa:

```
LOD = 3.3σ/S
LOQ = 10σ/S
```

S ndi kupendekeka kwa mzere umene timajambula poyeza milingo yodziwika kale, ndipo σ imaonetsa mmene zotsatira zimasiyanirana tikabwereza kuyeza. Masamuwo ndi osavuta. Chimene chinandipunthwitsa ndi gwero la σ.

Poyamba ndinabaya m'makina kakhumi mankhwala oyerekezera, amene ndi afulatokisini wa mlingo wodziwika wosungunulidwa mu metanolo, ndipo σ inatuluka 30 pa S ya 4,000. LOQ inakhala mananogalamu 0.075 pa mililita, kapena kuti 0.075 ng/mL, nambala yosangalatsa kuiona koma yonena za makina okha, chifukwa metanolo alibe mafuta ndi zina za mu mtedza zimene zimasokoneza chizindikiro. Mtedza wopanda poizoni nawonso sunandithandize, pakuti makina sanaonetse nsonga iliyonse ya chizindikiro cha poizoni ndipo panalibe choti ndiwerengerepo σ. Choncho ndinatenga masampulo khumi a mtedza woperapera, ndinathira maikulogalamu imodzi pa kilogalamu mu iliyonse, ndipo iliyonse inadutsa payokha m'ndondomeko yonse, kuyambira kusungunula mpaka kusefa. Apa σ inakwera kufika 120, zimene zinapereka LOD ya 0.099 ng/mL ndi LOQ ya 0.30 ng/mL.

Manambalawa ndi a madzi a m'kabotolo amene ndinabaya m'makina, osati a mtedza, ndipo ndikuvomereza kuti ndinatsala pang'ono kuwalemba mu lipoti momwemo. Popeza mililita imodzi ya madzi amene ndinabaya imaimira magalamu 0.2 a mtedza, ndinayenera kuchulukitsa kasanu, ndipo LOD inakhala pafupifupi 0.5 µg/kg, LOQ 1.5 µg/kg, kutanthauza mamaikulogalamu pa kilogalamu ya mtedza. Mwa kuona kwanga, LOQ imeneyi yayandikira kwambiri malire a 2, moti njirayi singadaliridwe pogamula ngati mtedza wa m'mphepete mwa malirewo uloledwe kutumizidwa kunja kapena ayi.

LOQ yowerengetsera iyeneranso kutsimikizidwa pothira mlingo womwewo m'masampulo atsopano, kuti tione kuchuluka kwa poizoni amene akubwereranso ndi mmene zotsatira zikusiyanirana. Masamu a 10σ amatanthauza kusiyana kwa pafupifupi 10 peresenti. Sampulo ikaonetsa 0.9 µg/kg, ndimalemba kuti poizoni wapezeka koma ali pansi pa LOQ, osalemba nambalayo. Sabata yamawa ndichepetsa madzi omaliza osungunulira kuti mililita imodzi iimire galamu yathunthu, kenako ndibwereze masampulo khumi aja.