Masiku 38 amene anabisika m'chiganizo chimodzi

Ndimagwira ntchito yokonza malipoti m'bungwe lina loona za madzi ndi ukhondo m'boma lina la m'chigawo chakumwera, ndipo lipoti lililonse lopita kwa mafumu, kwa makomiti a chitukuko a m'madera ndi kwa anthu otithandiza ndi ndalama limadutsa patebulo panga lisanasindikizidwe. Sabata yathayi inali yotseka gawo la miyezi itatu, choncho Lolemba ndi Lachiwiri ndinathera pa ntchito ya masiku onse, yoyerekeza manambala a alangizi ndi a ku ofesi ya zachuma, kuwongola kalembedwe ndi kudikira magetsi, popeza makina athu osindikizira ndi amodzi okha ndipo jenereta yakhala yopanda mafuta kuyambira mwezi watha. Zimenezo ndinazizolowera. Chimene chandichititsa kulemba ndi chiganizo chimodzi chimene ndinachipeza Lachitatu m'mawa pa tsamba 7, chonena za mjigo wa m'mudzi wina umene unakhala wosagwira ntchito kwa masiku 38.

Chiganizocho chinkati: "Panali kuchedwa kwa kachitidwe ka ntchito yokonzanso mjigo chifukwa cha kuchepa kwa mgwirizano pa kaperekedwe ka zipangizo." Aliyense wogwira ntchito ngati yangayi anachionapo chiganizo cha mtundu umenewu, ndipo ambiri timachilola kudutsa chifukwa chimamveka chaulemu ndiponso chasukulu. Ine ndinachiwerenga katatu ndikufunsa mafunso amene ndimafunsa chiganizo chilichonse cha m'lipoti, akuti ndani anachita, anachita chiyani, ndipo anachita liti. Palibe funso ngakhale limodzi limene chinayankha. Mneni yekhayo woima payekha m'chiganizo chonsecho ndi "panali", amene sanena ntchito ya munthu aliyense. Ntchito zenizeni, monga kuchedwa, kuchita, kugwirizana ndi kupereka, zinasandutsidwa mayina, n'kumangiriridwa pamodzi ndi timawu ta "kwa", "ka", "cha" ndi "pa".

Vuto lake lagona m'mene chinenero chathu chimagwirira ntchito. Mneni wa Chichewa wofotokoza chochitika sangaime payekha m'chiganizo popanda kusonyeza mwininkhani ndi nthawi. Ndikalemba kuti "tinachedwa", kachigawo ka "ti" kaulula kuti ndife, ndipo "na" kaulula kuti zinachitika kale. Ndikalemba kuti "adzapereka", wowerenga adziwa kuti ntchitoyo sinachitike. Koma ndikasandutsa mneniyo kukhala dzina, monga "kuchedwa kwa" kapena "kaperekedwe ka", zigawo ziwiri zija zimagwa, ndipo chimatsala ndi ntchito yopanda mwini komanso yopanda tsiku. Mawu oyamba ndi "ka" n'kuthera ndi "idwe" kapena "edwe" ali ndi vuto linanso, chifukwa tanthauzo lake lenileni ndi njira yochitira chinthu. "Kaperekedwe" ndi mmene chinthu chimaperekedwera, ndipo mawuwo sanena ngati chinthucho chinaperekedwa kapena ayi.

Ndinapita kukafunsa mnyamata amene analemba gawolo, mlangizi wakhama amene watha chaka chimodzi chokha pa ntchito. Ndinati, "Achimwene, tandiuzeni ndi pakamwa zimene zinachitika pa mjigo uja, ngati mukufotokozera amayi anu." Anandifotokozera zonse m'mphindi zitatu, ndipo m'kufotokoza kwake munalibe "kachitidwe" ngakhale kamodzi. Mjigowo ndi wa mtundu wa Afridev, umene komiti ya m'mudzi imatha kuusamalira yokha pa zinthu zazing'ono monga kusintha mphira zikatha. Ulendo uno paipi ya pulasitiki yokweza madzi inang'aluka pansi, moti anthu ankapopa kwa nthawi yayitali madzi osatuluka, ndipo ntchito yotereyi imafuna mekaniki wa m'dera, mapaipi atsopano ndi guluu wolumikizira. Ndinamufunsa chifukwa chake sanalembe zomwezo. Anandionetsa lipoti la chaka chatha limene anapatsidwa ngati chitsanzo, lolembedwa poyamba m'Chingerezi kenaka n'kumasuliridwa liwu ndi liwu, ndipo anati ankaganiza kuti lipoti la ofesi liyenera kumveka choncho. Sindinamuimbe mlandu, chifukwa palibe amene anamuphunzitsapo kulemba lipoti. Pempho langa loti alangizi atsopano aziphunzitsidwa kwa tsiku limodzi lokha lakhala likukanidwa kwa zaka ziwiri ponena kuti ndalama palibe.

Mneni wolunjika amafuna umboni, ndipo n'chifukwa chake ntchito yokonza chiganizo chimodzi inanditengera masana onse. Ndinatenga buku lolembamo makalata olandiridwa, fomu yopemphera zipangizo, lisiti ya kusitolo ndi buku la maulendo a galimoto. Mapepalawo anaonetsa kuti komiti ya mjigo inauza mlangizi pa tsiku lachiwiri, mekaniki anatulutsa mapaipi n'kupeza mng'aluwo pa tsiku lachisanu, ndipo fomu inafika ku ofesi yathu pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Fomuyo inakhala masiku 19 osasayinidwa, chifukwa munthu mmodzi yekha wololedwa kusayina anali ku misonkhano ndipo sanasiyire wina aliyense mphamvuzo. Zipangizo zinagulidwa pa tsiku la 27, zinadikira galimoto masiku ena 9, ndipo mekaniki anamaliza ntchito pa tsiku la 38. Masiku onsewo amayi a m'mudzimo ankatunga madzi kumtsinje.

Pamenepa m'pamene ndinakwiya, chifukwa ndinaona chimene mawu oti "kuchepa kwa mgwirizano" akanachita akanawerengedwa pamaso pa mafumu. Mgwirizano umafuna mbali ziwiri, choncho womva aliyense akanaganiza kuti anthu a m'mudzimo anali ndi gawo lawo pa kuchedwako, pamene komiti yawo inachita zonse zoyenera m'masiku asanu ndi limodzi, ndipo inasonkha ndalama zolipira mekaniki. Dzina limodzi losaoneka loopsa linagawa mlandu wa ofesi yathu pakati, theka n'kusenzetsa anthu osalakwa.

Ndinalembanso ndimeyo motere: "Komiti ya mjigo inatiuza za vutoli pa tsiku lachiwiri, ndipo fomu yopempha mapaipi awiri ndi guluu inafika ku ofesi yathu pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Sitinasayine fomuyo kwa masiku 19. Tinagula zipangizozo pa tsiku la 27, koma tinazitumiza patapita masiku ena 9 chifukwa galimoto inalibe mafuta. Mekaniki wa m'dera anakonza mjigowo pa tsiku la 38." Ndimeyi ndi yayitali kuposa chiganizo choyamba chija, ndipo ndikunena zimenezi chifukwa anzanga ena amaganiza kuti cholinga chochotsa mayina otere ndi kufupikitsa lipoti. Nthawi zina lipoti limafupikadi, koma kawirikawiri limatalika, popeza mneni aliyense amabwera ndi mwini wake ndi tsiku lake.

Posankha aneniwo ndinasamala kuti ndisapitirire pamene mapepala anathera. Poyamba ndinalemba kuti "tinachedwetsa fomuyo", koma ndinafufuta, chifukwa msintho wochititsa umamveka ngati wina anachita dala, ndipo umboni wa zimenezo ndinalibe. "Anakana kusayina" likanakhala bodza, popeza palibe anakana. "Sitinasayine" ndi zimene fomuyo ikuonetsa, osaonjezera kanthu. Ndinapewanso kulemba kuti "zipangizo zinachedwetsedwa", chifukwa msintho wochitidwa, ngakhale ndi mneni ndithu, umabisa wochita ngati sunatsatidwe ndi "ndi". Pa paipi ija ndinasiya "inang'aluka", msintho wochitika umene sulola n'komwe kutchula wochita, ndipo pamenepo unali woyenera, chifukwa palibe munthu anang'alula paipiyo. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa paipi panalibe wochita woti atchulidwe, pamene pa fomu analipo. Mayina enanso ndinawasiya m'malo awo, monga mutu wa gawo woti "Kasamalidwe ka mijigo", chifukwa mutu umatchula nkhani chabe ndipo sufotokoza chochitika.

Lachinayi m'mawa ndinaitanidwa ku ofesi ya akuluakulu. Anali atazunguliza ndime yanga ndi cholembera chofiira, ndipo anandiuza kuti lipoti si malo oimbirana milandu, komanso kuti otithandiza akawerenga "sitinasayine" adzaganiza kuti ofesi yonse ndi yogona. Ndinayankha kuti, "Bwana, sindinatchule dzina la munthu kapena udindo wake, ndalemba kuti ife. Koma gawo la mapeto likufuna kuti tinene chimene tidzasinthe, ndipo ngati vuto ndi kuchepa kwa mgwirizano, chimene tingalonjeze ndi kulimbikitsa mgwirizano, zimene palibe angadzazione ngati zachitika." Ndinawaonetsa kuti lipoti la chaka chatha linalonjeza "kulimbikitsa kayendetsedwe ka ntchito zokonza mijigo", ndipo palibe aliyense mu ofesi muja amene akanatha kunena ngati lonjezolo linakwaniritsidwa. Kuchokera pa "sitinasayine kwa masiku 19" pamatuluka lonjezo loti munthu angathe kuliyeza, lakuti wosayina akachoka adzasiyira wachiwiri wake mphamvu, ndipo fomu ya mjigo wowonongeka idzasayinidwa pasanathe masiku atatu.

Tinakambirana pafupifupi ola lathunthu, ndipo sindinapambane pa zonse. Analola kuti masiku onse alembedwe ndiponso kuti "kuchepa kwa mgwirizano" kuchotsedwe, ndipo anavomera lonjezo la masiku atatu. Koma "sitinasayine" anakusintha kukhala "fomuyo sinasayinidwe", ndipo m'lipoti la Chingerezi lopita kwa otithandiza anabwezeramo chiganizo chakale chija chonse, ponena kuti iwo anazolowera kalembedwe kotero. Zimenezi zikundipwetekabe, chifukwa tsopano pali malipoti awiri onena za mjigo umodzi, ndipo amene ali ndi mphamvu yotifunsa za mafuta a galimoto ndi amene alandira lipoti losanena kanthu.

Lachisanu lipoti la Chichewa linawerengedwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera, m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, anthu atakhala pa madesiki a ana. Wowerengayo atafika pa masiku 19 aja, mayi wina wachikulire, msungichuma wa komiti ya mjigowo, anatulutsa kope lake lokutidwa ndi pepala la pulasitiki, natsegula tsamba limene analembapo tsiku limene anapereka uthenga kwa mlangizi, n'kuonetsa a Gulupu amene anakhala pafupi naye. Kenaka a Gulupuwo anaimirira n'kufunsa kuti, "Mwati fomuyo sinasayinidwe. Sinasayinidwe ndi yani?" Akuluakulu athu anayankha okha kuti inali ofesi yathu, ndipo mlembi wa komiti analemba yankholo m'buku la msonkhano pamodzi ndi lonjezo la masiku atatu.

Ndinabwerera ku ofesi madzulo n'kupeza magetsi atazimanso, ndipo patebulo panga panali patafika kale gawo la zimbudzi za m'sukulu, limene tsamba lake loyamba likunena za "kusakwanira kwa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zomangira". Mlangizi wachinyamata uja wapempha kuti Lolemba tidzakhale limodzi polikonza, ndipo ndamuuza kuti adzabwere ndi malisiti onse a simenti ndi buku la kapitawo wa zomangamanga.