Onani tebulo lili m'munsimu

Abale, nkhani yolemba papepala ndi yoyankhula pakamwa si pachibale ayi. Ine ndinalemba bwinobwino za ulendo wa pa basi wochoka kuno ku Harare kupita ku Blantyre, kudzera pa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, anthu aku Mbare nkumati mwalemba zomveka koma azigogo sawerenga, pangani vidiyo. Ndinati zophweka izo, ndingowerenga momwe ziliri. Mphwanga anagwira foni.

Chiganizo choyamba chinali cha mizere inayi. "Popeza ulendowu, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 600, umadutsa m'dziko la Mozambique, lomwe..." pofika pa "lomwe" mpweya unali utatha, maso ali tong'o, mawu akutuluka ngati nkhuku yachitopa. Maso amapuma pa koma, akasochera amabwerera m'mbuyo, khutu lilibe giya ya livesi.

Ndinalimbabe mtima mpaka pamene panalembedwa kuti "monga tanenera pamwambapa". Mwana uja, pomvera, anakweza foni kujambula denga, pomwe pali lata lodontha lija landilodi akukana kukonza. Kenako ine, "onani tebulo lili m'munsimu". Foni inatsika. Patebulo panali mkute wa dzulo, mitu ya kapenta ndi sokosi imodzi yomwe mpaka lero mwini wake sakudziwika.

"Iwe ukutani?"

"Ankolo mwanena nokha kuti tione tebulo."

Mayi akunyumba anaseka mpaka kukhala pansi, atatha kuseka analanda pepala lija nkulitembenuza. Akuti bambo a Chisomo tandiuzeni ine, ndikufuna kupita kumudzi mawa, nditani? Ndinangoti, "Maboda ndi awiri, koma pasipoti mudinditsa kanayi. Woyamba, Nyamapanda. Mwatuluka Zimbabwe, mwalowa Mozambique. Wachiwiri, Zobue ndi Mwanza. Apo mwafika kwanu." Akuti eyaa, lembani zomwezo.

Ndiye sikiripiti tinaimanga choncho, kuyankhula kaye kenako kulemba. Chiganizo chilichonse chikwane mpweya umodzi, popumira ndimaika kamzere ka pensulo. "Apaulendo akulangizidwa" inasanduka "inu". Za m'mabulaketi zonse kunja, pakamwa bulaketi satchulika. Tebulo lija tinalisandutsa mawu oonekera pa sikirini, ine nkumangotchula chachikulu chimodzi, ndipo mayina a maboda ndinawabwereza kumapeto dala, chinthu chomwe papepala chimaoneka ngati ulesi. Kutalika kwake musawerenge mawu, mawu athu achichewa ndi ataliatali, "ndikakudinditsirani" yekhayo wadya sekondi yonse, tcherani wotchi muwerenge mokweza. Pomwe lilime lapunthwa kawiri, vuto si lilime, sinthani chiganizocho.

Vidiyo yabwinoyo inatuluka ndithu. Koma mphwanga anali ataponya kale yoyamba ija pa gulupu ya WhatsApp ya kutchalitchi, ndiye Lamulungu abusa pondipatsa moni anangoti, akulu, sokosi ija mwaipezera inzake?