Mmene ndinamasulira malangizo a pa paketi ya chakudya cha mu maikulowevu

Achemwali anga ali ndi kaloji kakang'ono pa boma pa Dedza, cha kufupi ndi msewu wa M1, ndiye nthawi zambiri alendo awo amafika usiku moto atazima kale kukhitchini, ena ochokera ku boda ena a ku Lilongwe kapena Balantaya mdima wawapeza panjira. Achemwaliwo anayamba kugula ku Lilongwe zakudya zophikaphika zouma ndi ayisi zija, mpunga wa nkhuku wa m'kambale ka pulasitiki, kuti mlendo akabwera 10 koloko azingoika mu maikulowevu basi. Koma bambo a kukhitchini, omwe pa nsima ndi kachewere wokazinga palibe angawapose, Chingerezi sawerenga bwinobwino, ndiye anandiimbira kuti achimwene tabwerani mudzatilembere izi m'Chichewa timate pakhoma. Ine ndimaganiza kuti ndi za maminitsi 10, koma ndinathera Loweruka lonse kumeneko.

Choyamba ndinajambula paketi ndi foni mbali zonse, chifukwa malangizo sakhala malo amodzi. Zophikira zinali kumbuyo, zosungira zinali m'mbali mwa timalemba tating'onoting'ono, tsiku lothera ntchito linali lodindidwa pansi. Kenako ndisanamasulire liwu ngakhale limodzi ndinakopera manambala onse papepala momwe alili: 800W, maminitsi 4, maminitsi 3, maminitsi 2, -18°C, 75°C. Ndinachita zimenezi kuti pomaliza ndidzawerenge ngati onse sikisi alipo m'Chichewa changa, poti munthu ukamalimbana ndi chiganizo nambala imagwa osaimva.

Paketi imanena chonchi: chotsani katoni, boolani pulasitiki ya pamwamba, phikani chili chouma choncho pa mphamvu yonse maminitsi 4, matulani pulasitiki mutakase, phimbaninso muphike maminitsi 3, kenako chikhale maminitsi 2 musanadye. Ndiye pamwamba pa zonsezo panali ka 800W kaja.

Apa ndi pomwe ntchito inakula. Maminitsi a pa paketi sayenda okha, amayenda ndi mphamvu ya makina omwe a kampaniyo anayesera, ndiye mawatsi 800 aja. Ndinatembenuza maikulowevu ya achemwali kuti ndione chomata cha kumbuyo, ndipo panali manambala awiri, 1150W ndi 700W. Ndinatsala pang'ono kutenga yaikuluyo, ndikanatero ndikanachepetsa nthawi n'kudyetsa anthu nkhuku yozizira pakati. Yaikuluyo ndi magetsi omwe makina amadya kuchokera pa soketi, yaing'onoyo ndi mphamvu yomwe imafikadi pa chakudya, ndipo paketi imanena yaing'onoyo. Ndiye yathu ndi ya 700W, yofooka kuposa ya pa paketi, nthawi iyenera kukwera. Masamu ake ndi kutenga maminitsi a pa paketi kuchulukitsa ndi mawatsi a pa paketi kenako kugawa ndi mawatsi anu:

7 × 800 ÷ 700 = 8

Maminitsi ophika onse anali 4 ndi 3, pamodzi 7, ndiye kwa ife akhala 8. Nditawerengera gawo loyamba palokha foni inandipatsa 4.57, ndipo chonde musadzalembe kuti maminitsi 4 ndi masekondi 57, ayi, 0.57 ya miniti ndi masekondi 34. Makina athu ndi a kokhota aja opanda masekondi, ndiye ndinagawa 4 ndi hafu poyamba, 3 ndi hafu kachiwiri, zikwana 8 ndendende. Maminitsi 2 odikira aja sasintha chifukwa nthawi imeneyo makina amakhala atazima.

Chinthu china chomwe ndinaona kuti n'chofunika ndi chakuti manambala a kampani sindinawafufute. Ndinalemba kaye momwe paketi ikunenera, 800W maminitsi 4 ndi 3, kenako m'munsi ndi cholembera chofiira ndinalemba kuti pa makina athu ano a 700W ikani 4 ndi hafu, kenako 3 ndi hafu. Mawa achemwali akagula maikulowevu ina ya 900W pepala lija lisanamize munthu, adzangosintha zofiirazo. Komanso masamuwa ndi ongoyandikira chabe, ndi chifukwa chake paketi imatseka ndi mzere woti muonetsetse kuti chatentha mpaka mkati.

Tsopano mawu. Ine kusukulu ndinaphunzira kulemba mphindi, ndiye ndinayamba ndi mphindi 4, koma kunoko munthu akati dikirani kamphindi satanthauza masekondi 60, amangoti pang'ono. Ndinasintha ponse kukhala maminitsi, ndipo manambala ndinalemba ngati manambala, osati zinayi kapena zisanu ndi zitatu, kuti diso lizingogwera pomwepo n'kuyerekeza ndi zomwe zili pa kokhota. Dzina la mphamvu ndinalisiya momwe lalembedwera pa makina, HIGH, chifukwa ndikanalemba kuti pa moto waukulu bambo aja akanafufuza mawu amenewo pa makina osawapeza. Ndinalembanso kuti osati DEFROST, poti munthu wanzeru zake akaona chinthu chouma gwa amaganiza kuti ayambe wasungunula, pomwe maminitsi ajawa anawerengedwa kuyambira chili chouma.

Filiji nayo inandivuta. Ife timangoti filiji pa zonse, ya zakumwa ndi ya nyama yomwe. Koma -18°C ndi filiza, momwe madzi amasanduka mwala, ndipo kamzere ka kutsogolo kwa 18 kakagwa ndiye kuti mwalemba kutentha kwa masana a Juni kuno ku Dedza. Ndinalemba kuti sungani mu filiza, momwe timaumitsira nyama, -18°C, kamzereko ndinakakuza dala.

Nditamaliza ndinawapatsa bambo aja pepala ndi paketi imodzi, ndinati bambo tsatirani zomwe zalembedwazi, ine sindiyankhula. Ndinaima pakhomo manja kumbuyo. Katoni anachotsa, koma pomwe ndinalemba kuti boolani pulasitiki anatenga mpeni n'kung'amba bowo limodzi lalikulu pakati loti dzanja n'kulowa. Sanalakwe, ndi momwe ndinalembera. Pulasitiki ija imafunika ikhalepo kuti isunge nthunzi yophikira mpunga, timabowo n'tongoti nthunzi ina izituluka kambale kasaphulike. Ndinakonza kuti bayani pulasitiki ya pamwamba ndi foloko malo atatu kapena anayi, musaichotse.

Belu lachiwiri litalira anatulutsa kambale, n'kumatula pulasitiki, n'kukhuthulira m'mbale nthawi yomweyo. Ndinawafunsa kuti bambo, nanga mzere wotsirizawo? Anati ndauona, mwalemba kuti chizizire maminitsi 2, ndiye mlendo amafuna chotentha, kuzizira kwa kuno akachipeza chitapola. Pamenepo ndinazindikira kuti cholakwa chachikulu pa pepala lonse chinali changa. Liwu la Chingerezi la pa paketi ndi lija limatanthauza kuima, ine ndinaona kuti chakudya chiime sizikumveka, ndiye ndinaika chizizire. Koma maminitsi 2 amenewo si opoletsa, ndi ophika ndithu. Maikulowevu satenthetsa mofanana, m'mbali mumawira pomwe pakati pakadali pozizira makamaka chinthu chochokera mu filiza, ndiye chikakhala chophimbidwa kutentha kwa m'mbali kumalowerera mkati, ngati momwe timavundikirira mpunga titauphula. Kutakasa kwa pakati kuja ntchito yake ndi yomweyo. Tinabaya chidutswa chachikulu cha nkhuku ndi themometa ya nyama yomwe achemwali anagula koma inali ikadali m'paketi mwake, chinali chisanafike pa 75°C, pomwe msuzi wa m'mbali unkaotcha chala.

Mzere uja unakhala chonchi: belu likalira musamatule, chisiyeni chili chophimba maminitsi 2 makina atazima, chikupitiriza kupsa. Titayesa paketi yachiwiri motsatira zimenezi pakati panadutsa 75°C bwinobwino.

Mzere wa kutentha ndinaulembanso kawiri. Poyamba ndinaika kuti onetsetsani kuti chafunda, koma kufunda ndi kwa madzi osamba mwana. Kupsa nakonso sikukwanira chifukwa chakudyachi chimaoneka chakupsa chikadali mu filiza. Ndinamaliza ndi mawu oti chitenthe kwambiri mpaka pakati penipeni, mukaboola pakati pazituluka nthunzi, themometa ifike 75°C, chikapanda kufika bwezerani miniti imodzi muyezenso. Zobwezera miniti imodzizo ndi zanga, ndiye zinapita ku zofiira.

Ndili pomwepo achemwali anatulutsa paketi ina, tinkhuku tokutidwa ndi zinyenyeswa za buledi, akuti achimwene iyinso ndi chimodzimodzi eti. Sichinali chimodzimodzi. Kunja n'kofiirira ngati kokazinga kale koma paketi imanena kuti mkati ndi nyama yaiwisi, yophika mu uvuni basi, ndipo panali kachithunzi ka maikulowevu kokhwatchidwa. Pa paketi chenjezolo linali pansi, ine ndinalikweza pamwamba penipeni ndi zilembo zazikulu kuti NYAMA YAIWISI, OSAIKA MU MAIKULOWEVU, chifukwa wophika amawerenga mzere umodzi n'kuchita, kenako wina, chenjezo lobwera kumapeto limamupeza atalakwitsa kale. Manambala ake anali 200°C, kapena 180°C ngati uvuni ili ndi fani, komanso 400°F pambali. 180°C ndi yotsikirapo chifukwa uvuni ya fani imaphika msanga, koma ziwiri zinazo ndi kutentha kumodzi koyezedwa mosiyana, 400°F ndi pafupifupi 200°C, ndiye chilembo cha C kapena F osachisiya m'mbuyo. Uvuni ya pa loji ilibe fani ndipo kokhota kwake n'kwa C, ndinazungulira 200°C, ndi kulemba kuti yatsani uvuni itenthe kaye, maminitsi 20 mpaka 25 muyambe kuwerenga mutalowetsa nyama osati mutayatsa, ndipo mutembenuze pakati pa nthawiyo.

Wotsala unali mzere woti chikasungunuka musachiumitsenso. Kwa omwe analemba paketi mwina amaganiza za munthu wotulutsa dala mu filiza, koma kuno magetsi akathima tsiku lonse chakudya chimasungunukira momwemo, akabwera usiku chimaumanso chokha munthu osadziwa, ndipo kuuma kwachiwiriko sikupha tizilombo tomwe taswana chili chofewa. Ndinamasulira mzerewo momwe ulili, kenako ndi chofiira ndinaonjezera kuti magetsi akathima musamatsegule filiza, ndipo akabwera gwirani mapaketi asanaumenso, yomwe yafeweratu osaibwezera kuti idzadyedwe tsiku lina, auzeni madamu. Bambo aja anaonjezera nzeru yawo yoika kandalama kachitsulo pamwamba pa madzi ouma m'kapu mu filizamo, akakapeza kamira pansi ndiye kuti munasungunuka.

Pomaliza ndinapatsa mwana wa achemwali wa Fomu 3 pepala la Chichewa lokha kuti andiuze m'Chingerezi zomwe likunena, ine ndikuyang'ana paketi ndi manambala anga sikisi aja. Anapeza kuti pa gawo lachiwiri ndinaiwala kulemba zophimbanso mutatakasa. Ndinaonjezera, tinakopera pa pepala loyera, tinalilowetsa m'kajumbo koonekera kuti mafuta asaliwononge, n'kulimata ndi selotepi pamwamba pa soketi ya maikulowevu.